JIT kapena JIC: kulandira katundu pa nthawi yake kapena kumusungiratu

Funso limeneli silisowa pa mayeso a kayendetsedwe ka ntchito za kampani, ndipo ambiri amaliyankha ngati akusankha timu yoti aichemerere. Wina amalemba kuti JIT ndi yamakono ndipo JIC ndi yachikale. Wina, pokumbukira mmene katundu anasowera pa dziko lonse mu 2020 ndi 2021, amalemba kuti JIT inalephera. Mayankho onsewa amataya malikisi pa chifukwa chimodzi: amasankhira kampani yonse njira imodzi, pamene fakitale yeniyeni imasankha chipangizo ndi chipangizo. Mota ya madola 80 ndi kavalavu ka madola 2 zingathe kulowa m'makina amodzi, koma sizifunika kusungidwa mofanana.

Tigwirizane kaye mayina. JIT, chidule cha Just in Time, ndi njira yolandira zipangizo pang'onopang'ono, zikufika pamene zikufunika komanso zochuluka monga zikufunikira. Inakhwima ku Toyota, ku Japan, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndipo dzina loyenera kulikumbukira ndi la Taiichi Ohno. JIC, chidule cha Just in Case, ndi njira yosungiratu katundu wopitirira amene akufunika lero, kuopa kuti mawa wobweretsa angachedwe kapena ogula angachuluke mwadzidzidzi.

Miyeso inayi yoyerekezera

Mtengo ndi woyamba, ndipo uli pawiri: ndalama zimene zimapita posunga katundu, ndi zimene zimapita pomuitanitsa ndi kumunyamula. Ukachepetsa imodzi, inzake imakwera. Wachiwiri ndi kupezeka kwa katundu, kutanthauza kuti wantchito akatambasula dzanja pa mzere wopangira zinthu, kodi chipangizocho chilipo? Wachitatu ndi chisamaliro, ntchito ya tsiku ndi tsiku imene njirayo imafuna kuti isagwe. Wachinayi ndi zoopsa: chimene chingawonongeke, kukula kwake, ndi zizindikiro zake.

Kuti tisamangoyankhula m'malere, tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi chongopeka mpaka kumapeto. Fakitale imalumikiza mapampu a madzi 100 pa tsiku, masiku 300 pa chaka. Pampu iliyonse imafuna mota imodzi ya madola 80, ndiye kuti mamota 30,000 pa chaka. Tinene kuti kusunga chinthu kwa chaka kumadya 25 peresenti ya mtengo wake, tikaphatikiza chiwongoladzanja cha ndalama zomangika, malo, inshuwalansi, alonda, kuwonongeka ndi kutha ntchito. Mota imodzi yokhala pa shelefu chaka chonse yadya madola 20. Mzere ukaima tsiku limodzi, fakitale imataya phindu la madola 5,000.

Njira yoyamba: JIT

*Mtengo.* Fakitale yathu yapangana ndi kampani yapafupi kuti izibweretsa mamota 200 pa masiku awiri aliwonse, ndipo oda ikaperekedwa lero katundu amafika mawa. Mamota amayambira pa 200 n'kumatsika mpaka kutha, choncho apakatikati ndi 100. Tikaonjezera 33 odzitetezera, amene tiona mmene apezekera posachedwa, fakitale imakhala ndi mamota pafupifupi 133 nthawi zonse. Kuwasunga ndi madola 2,660 pa chaka. Maulendo ndi 150 pa chaka, ndipo ngati ulendo uliwonse ukudya madola 40, ndi madola 6,000. Zonse pamodzi ndi madola 8,660.

Nambala imene yanyamula zonse apa ndi 40 ija. Ikanakhala kuti oda iliyonse ikudya madola 500, monga zimakhalira katundu akamachokera kutali ndi mapepala ake ambirimbiri, maulendo 150 akanadya madola 75,000, ndipo JIT ikanakhala njira yodula kuposa zonse. N'chifukwa chake ku Toyota ntchito yaikulu sinali kungolamula kuti katundu achepe m'nkhokwe. Anayamba atsitsa mtengo wa oda iliyonse ndi nthawi yosinthira makina kuchoka pa chinthu china kupita pa china, kusintha kumene poyamba kunkatenga maola n'kufika pa mphindi zochepa. Shigeo Shingo amadziwika ndi ntchito imeneyi. Pa mayeso, chiganizo chakuti JIT imatheka pokhapokha mtengo woitanitsira ndi wosinthira makina utatsika chimaonetsa kuti mwamvetsa, osati kungoloweza.

*Kupezeka kwa katundu.* JIT sikutanthauza kukhala opanda katundu. Imasunga wochepa, wowerengeredwa. Katundu wodzitetezera ndi mlingo woitanitsira zimapezeka motere:

```
SS  = z × σ × √L
ROP = d × L + SS
```

Apa SS ndi katundu wodzitetezera, ROP ndi mlingo woitanitsira, d ndi zofunika pa tsiku, L ndi masiku odikira katundu, σ ndi mlingo wa kusinthasintha kwa zofunika pa tsiku, ndipo z imachokera pa chitsimikizo chimene mukufuna: 1.65 pa 95 peresenti, 2.33 pa 99 peresenti. Ngati σ ndi mamota 20 ndipo L ndi tsiku limodzi, SS ndi 1.65 × 20 × 1, yomwe ndi 33. Katundu wodzitetezera wachepa osati chifukwa fakitale ndi yolimba mtima, koma chifukwa nthawi yodikira ndi yaifupi.

Pali kansampha apa kamene ambiri sakaona. Chitsimikizo cha 95 peresenti ndi cha oda imodzi, osati cha chaka. Woitanitsa ka 25 pa chaka angayembekezere kuperewera kamodzi kapena kawiri, koma woitanitsa ka 150 angaperewere kasanu ndi kawiri kapena kasanu ndi katatu. Choncho wa JIT ayenera kukweza z. Pa 2.33 mamota odzitetezera amakhala 47, ndipo 14 oonjezerawo amangodya madola 280 pa chaka.

*Chisamaliro.* Apa ndi pamene JIT imalipiritsa zimene inakupulumutsirani pa mtengo. Walira mvula walira matope. Ndondomeko ya kapangidwe iyenera kukhala yosalala, osati mapampu 40 lero 160 mawa, chifukwa wobweretsa mamota sangathe kutsatira kudumphadumpha koteroko. Makina ayenera kukonzedwa asanawonongeke. Mota iliyonse yofika iyenera kukhala yabwino, pakuti palibe mulu wosankhamo ina. Ndipo pamafunika chizindikiro chouza wa m'mbuyo kuti abweretse zina, chomwe ku Toyota ndi kakhadi kotchedwa kanibani. Bokosi likatha, khadi lake limabwerera kwa wopanga, ndipo popanda khadi palibe chopangidwa. Chiwerengero cha makhadi ndicho malire a katundu yense amene angakhale m'njira. Woyang'anira akafuna kuchepetsa katundu amachotsa khadi limodzi n'kuona pamene pavute.

Aphunzitsi a njirayi amafanizira katundu ndi madzi a mumtsinje amene amabisa miyala. Madzi akaphwa, miyala imaonekera: makina ofa pafupipafupi, wobweretsa wochedwa, zipangizo zolakwika. Phindu lenileni lili pa kuchotsa miyalayo. Kampani imene yangophwetsa madzi osachotsa mwala uliwonse yangodziika pa ngozi.

*Zoopsa.* Pa 1 Febuluwale 1997 moto unawononga fakitale ya Aisin ku Kariya, ku Japan, imene inkapanga pafupifupi mavalavu onse a mtundu wina a mabuleki a magalimoto a Toyota. Kanali kachipangizo kotsika mtengo, koma Toyota inali ndi okwanira masiku ochepa chabe, ndipo mizere yake inaima. Chimene chinaipulumutsa si nkhokwe. Makampani ambirimbiri ogwira nayo ntchito anagawana zojambula za kavalavuko n'kuyamba kukapanga pa makina awo, ndipo mizere inayambanso kuyenda pasanathe sabata. Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri ndipo yankho labwino limatchula zonse: JIT yodalira wopanga mmodzi imaima msanga, komanso ubale wolimba ndi opanga zipangizo ndi chitetezo pachokha.

Zizindikiro zoti JIT ikudwala zimaoneka ngozi isanafike. Ndalama zolipirira katundu wobwera mwachangu zimakwera mwezi ndi mwezi. Akapitawo amayamba kubisa timabokosi ta zipangizo kuseri kwa makina, chifukwa sakukhulupiriranso kuti galimoto ifika. Nthawi zinanso katundu sanathe ayi, wangosamukira m'nkhokwe ya wobweretsa, amene amadzabweza mtengowo pokweza mitengo yake.

Njira yachiwiri: JIC

*Mtengo.* Tsopano fakitale yomweyo ikugula mamota kutali. Oda iliyonse ndi madola 500 ndipo katundu amatenga masiku 9. Kukula kwa oda koyenera kumapezeka ndi fomula imene Ford W. Harris anafalitsa mu 1913:

```
EOQ = √(2 × D × S ÷ H)
```

D, zofunika pa chaka, ndi 30,000; S, mtengo wa oda imodzi, ndi 500; H, mtengo wosunga mota imodzi kwa chaka, ndi 20; ndipo yankho, EOQ, ndi pafupifupi 1,225. Tinene 1,200, kuti maoda akhale 25 pa chaka, madola 12,500. Odzitetezera ndi 1.65 × 20 × 3, omwe ndi 99, ndipo oda yatsopano imaperekedwa mamota akatsika kufika pa 999. Apakatikati ndi 600 kuphatikiza 99, ndipo kuwasunga ndi madola 13,980. Tafika pa madola 26,480.

Mpaka apa sitinafike pa JIC yeniyeni. Mamota 99 aja ndi a kusinthasintha kwa masiku onse. Mtima wa JIC ndi mulu woonjezera wodikira tsoka, mwachitsanzo mamota 1,000 okwanira masiku 10, amene amadya madola 20,000 pa chaka. Zonse pamodzi ndi madola 46,480, poyerekeza ndi 8,660 ya JIT. Kunena chilungamo, wogula zambiri nthawi imodzi kawirikawiri amatsitsiridwa mtengo, komanso wa kutaliyo angakhale wotchipa kuposa wapafupi. Dola imodzi yokha pa mota iliyonse ndi madola 30,000 pa chaka, zimene zingathe kufufuta gawo lalikulu la kusiyanaku. Funso likakupatsani mitengo iwiri yogulira, musaiwale kuiika m'masamu.

*Kupezeka kwa katundu.* Apa JIC ndi yamphamvu. Sitima ikachedwa sabata, monga zinachitikira zombo zambiri pamene sitima yotchedwa Ever Given inatseka ngalande ya Suez kwa masiku 6 mu Malichi 2021, mzere umayendabe. Wogula wamkulu akabwera mwadzidzidzi, mumamugulitsa pamene anzanu akupepesa. Koma nkhokwe yodzaza si chitsimikizo chakuti muli ndi chimene chikufunika. Mungakhale ndi mamota 1,700 a mtundu wina pamene ogula asamukira ku pampu yofuna mtundu wina. Ndipo mulu wa masiku 10 umateteza masiku 10 basi.

*Chisamaliro.* Ndi chosavuta kumvetsa koma sichitha: kuwerenga katundu kuti mabuku agwirizane ndi mashelefu, kutulutsa woyamba kulowa asanakalambe, kuteteza ku chinyezi, dzimbiri ndi akuba, ndi kubwereza masamu a mulu uja zinthu zikasintha. Chomalizachi ndicho chimaiwalika.

*Zoopsa.* Choopsa choyamba ndi katundu kutha ntchito ali pa shelefu. Mu 2001 kampani ya Cisco inalengeza kuti zipangizo za ndalama zoposa madola 2 biliyoni zimene inali nazo zataya mtengo wake. Pa nthawi imene malonda a intaneti ankakwera, zipangizo zinkasowa, ndipo ogula ankaika maoda obwerezabwereza m'malo angapo kuti apezeko penapake. Maodawo ankaoneka ngati kufunika kwenikweni. Msika utagwa anafufutidwa, katundu n'kutsala. Apa mungatchule vuto limene mabuku amalifanizira ndi mkwapulo: kugwedezeka pang'ono kwa ogula kumakula kukamapita m'mbuyo kwa opanga, chifukwa aliyense akuonjezera kake kodzitetezera pa oda yake.

Chachiwiri ndi chobisika. Tiyerekeze kuti makina a wopanga mamota asokonekera ndipo akutulutsa olakwika. Wa JIT azindikira pasanathe masiku awiri, ali ndi olakwika osapitirira 200. Wa JIC, amene akutulutsa akale poyamba, adzafika pa olakwikawo patapita milungu iwiri kapena kuposa, ali ndi oda yonse ya 1,200 ndipo ina ili m'njira. Chachitatu ndi ndalama zomangika: mamota 1,700 ndi madola 136,000 amene sangalipire antchito kapena kugula makina. Chizindikiro chake ndi kutsika kwa kazunguliridwe ka katundu, komwe ndi zogwiritsidwa ntchito pa chaka kugawa ndi katundu wapakatikati. Wa JIC wathu amazungulira pafupifupi ka 18 pa chaka, wa JIT kopitirira ka 200.

Masamu amene amadula mlandu

Mulu wodikira tsoka ndi inshuwalansi, ndipo uyenera kuyesedwa ngati inshuwalansi: ukulipira zingati pa chaka, ndipo ukutetezedwa ku kutaya zingati? Mzere ukaima masiku 10, fakitale yataya madola 50,000. Mulu wa mamota woteteza masiku amenewo umadya 20,000 pa chaka. Gawani 20,000 ndi 50,000 ndipo mupeza 40 peresenti. Ndiye kuti muluwo umadzilipira pokhapokha ngati mwayi wa tsoka lotere pa chaka ukuposa 40 peresenti, kapena kuti likuchitika koposa kamodzi pa zaka ziwiri ndi theka. Kwa wobweretsa wodalirika, muluwo ndi kutaya ndalama.

Tsopano tengani kavalavu ka madola 2 kamene kamalowa m'pampu yomweyo, kopangidwa ndi kampani imodzi yokha. Kusunga kamodzi kwa chaka ndi theka la dola. Mavalavu 1,000 a masiku 10 ndi madola 500 pa chaka. Kakasowa, mzere umaima chimodzimodzi ndipo kutaya ndi 50,000 yomweyo. Gawani 500 ndi 50,000: 1 peresenti. Ngakhale tsokalo litamabwera kamodzi pa zaka 50, kusungiratu kukupindulabe. Ndipo mavalavu 1,000 angakwane pa shelefu imodzi. Ineyo sindikuona chifukwa chomveka choyendetsera kachipangizo koteroko pa JIT.

Masamuwa ali ndi malire ake, ndipo kuwatchula kumaonjezera malikisi. Ngati ogula angadikire ndipo fakitale ingabweze masiku otayikawo ndi ovataimu, kutaya kwenikweni n'kochepa kuposa 50,000. Ngati pali chindapusa cha pa mgwirizano kapena wogula achokeratu, n'kochuluka. Komanso fomula ya SS imangodziwa kusinthasintha kwa masiku onse. Sidziwa za moto, chivomezi kapena mliri, ndipo kukweza z sikungakutetezeni ku zimenezo.

Toyota yomweyo inafika pa mfundo yotereyi. Chivomezi ndi tsunami ya pa 11 Malichi 2011 zitawononga mafakitale ambiri, kuphatikizapo ya Renesas ku Naka yopanga tizipangizo tamagetsi toyendetsa magalimoto, kampaniyi inafufuza opanga zipangizo zake mpaka a m'munsi kwenikweni, n'kupempha kuti tizipangizo tamagetsi totere tizisungidwa tokwanira miyezi ingapo. Tizipangizoti titayamba kusowa pa dziko lonse kumapeto kwa 2020, Toyota inapirira nthawi yaitali kuposa anzake ambiri. Komabe mu Ogasiti 2021 inalengeza kuti ichepetsa magalimoto a mwezi wa Seputembala ndi pafupifupi 40 peresenti. Mulu unagula nthawi, koma unatha.

Njira iti, pa nthawi iti

Funso la mayeso likafotokoza kampani, yang'anani zinthu zinayi m'nkhaniyo: mtengo wa chinthucho, kutalika ndi kudalirika kwa nthawi yodikira, chiwerengero cha amene angachibweretse, ndi kukula kwa kutaya chikasowa.

Sankhani JIT ngati chinthucho n'chodula kapena chachikulu, chikufunika mofanana tsiku ndi tsiku, ndipo wobweretsa ali pafupi komanso amasunga nthawi. Mipando ya magalimoto ndi chitsanzo chodziwika: ndi yaikulu, ili m'mitundu yambiri, ndipo kawirikawiri imafika pa mzere motsatira ndondomeko ya magalimoto amene akubwera. Chimodzimodzi zinthu zoola msanga ndi zamagetsi zimene mtundu watsopano umatuluka pakapita miyezi yochepa, chifukwa pa zimenezi kusunga kumadya koposa 25 peresenti ija.

Sankhani JIC ngati chinthucho n'chotchipa kusunga koma chikasowa zonse zimaima, ngati wopanga ndi mmodzi kapena ali kutali, kapena ngati kusowa kwake kungaike moyo pa chiswe. Mankhwala ofunika mwadzidzidzi m'chipatala ali m'gulu limeneli, malinga masiku ake othera ntchito akuyang'aniridwa. Momwemonso sipeya ya makina amene fakitale yonse imadalira, ngakhale itakhala zaka osagwiritsidwa ntchito. Malonda a nyengo amafunanso kusungiratu, koma pa chifukwa china: fakitale singathe kupanga zonse pa mwezi umene ogula achuluka, choncho imapangiratu.

Povuta ndi pa chinthu chodula chomwenso chili ndi wopanga mmodzi wa kutali. Mulu wake ndi wolemera ndipo JIT yake ndi yoopsa. Apa lembani za kupeza wopanga wachiwiri, kusintha kapangidwe ka pampu kuti ilole mota ya mtundu wina, kapena kupangana ndi wobweretsa kuti asunge katundu pafupi ndi fakitale, mtengo wosungira mukugawana. Kwa fakitale yathu ya mapampu, yankho lopeza malikisi onse lingati: mamota abwere pa JIT kuchokera kwa wapafupi, z ikhale 2.33, ndipo mavalavu asungidwe okwanira mwezi wathunthu wa ntchito, 2,500, pa mtengo wa madola 1,250 pa chaka, pamene kampani ikufunafuna wopanga wachiwiri.